ZOLET, Liwu la Bambo Kansengwa

Ku Nsungwi ena amatchuka ndi nyumba za lendi, ena ndi maminibasi, ena ndi pakamwa chabe. Bambo McDonald Kansengwa anatchuka ndi kukana. Zaka zawo zamphamvu anathera ku Kanengo, pa kampani ina ya fodya, komwe ntchito yawo inali kupisa dzanja m'belo, kununkhiza, kukwinya nkhope ndi kulamula kuti belolo libwerere. Mlimi wochenjera ankayala fodya wokongola pamwamba, zinyalala n'kubisa pakati, koma dzanja la Bambo Kansengwa linkapita pakati pomwepo. Atapuma ntchito kampani inawapatsa wotchi yapakhoma, n'kuiwala kuwalanda khalidwelo. Anabwera nalo kunyumba. Ankabweza tiyi, ankabweza ulaliki wa abusa, ankabwezanso malaya kwa telala wawo Che Abdullah ati kolala yapendekeka. Mayi Dailesi, akazi awo, ankati mwamwayi iwo anakwatiwa bamboyo asanayambe ntchito ya ku Kanengo, apo ayi akanabwezedwanso.

Chinthu chokha chomwe sanachipezepo chilema chinali Sikirabo. Anaiphunzira ku kantini ya kampani, kwa makalaliki omwe ankasewera nthawi ya nkhomaliro, ndipo bolodi lomwe anagula kalelo ankalisunga pamwamba pa kabati, malo omwe m'nyumba zina mumakhala chithunzi cha ukwati. Masewerawa ngosavuta kuwamva. Aliyense amatola zilembo zisanu ndi ziwiri m'kathumba osayang'anamo, n'kumapanga nazo mawu a Chingerezi pabolodi molumikiza ku mawu omwe alipo kale. Chilembo chilichonse chili ndi mtengo wake: E ndi pointi imodzi, V ndi anayi, Q ndi Z ndi khumi. Ndiye pali timabokosi tamitundu. Kabuluu kowala kamachulukitsa chilembo kawiri, kabuluu kakuda katatu. Kapinki kamachulukitsa liwu lonse kawiri, kofiira katatu. Woika zilembo zake zonse zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi amalandira bonasi ya mapointi 50. Mwana wa sitandade 7 angamve zonsezi pa tsiku limodzi, koma Bambo Kansengwa ankazifotokoza ngati malamulo a dziko omwe analemba okha.

"Muyambe mwachulukitsa chilembo, kenako liwu, bonasi pamapeto," ankatero, chala chili m'mwamba. "Ndipo kabokosi kamagwira ntchito kamodzi. Mnzako akakaphimba, katha. Si chitsime choti aliyense azitungapo."

Lamlungu lililonse masana ankasewera pakhonde pa shopu ya Che Abdullah, telala wochokera ku Mangochi, munthu wofatsa yemwe ankaluza mosadandaula ngati akupereka chopereka. Pakhondepo lamulo la chalenji linali lowawa. Ukakayikira liwu la mnzako umati "chalenji" mnzakoyo asanatole zilembo zina, ndipo amatsegula dikishonale. Liwulo likapanda kupezeka, mwini wake amachotsa zilembo zake n'kutaya mwayi wosewera ulendo umenewo. Likapezeka, wokayikirayo ndiye amataya ulendo wake. Ukakhala chete, liwu limakhazikika ngakhale likhale labodza, ndipo mapointi ake amalembedwa. Anyamata osewera m'mipikisano ya m'tauni ankati kwawo wolakwitsa chalenji amangolipa mapointi asanu, koma Bambo Kansengwa ankati amenewo ndi malamulo a anthu amantha.

Pa lamulo limeneli ndi pomwe anamanga ufumu wawo. Anali ataloweza timawu tachilendo tomwe tilidi m'dikishonale: QI, ZA, XU, JO. Mlendo akaona QI ankadumpha n'kunena kuti chalenji, buku n'kutsegulidwa, liwu n'kupezeka, mlendo n'kukhala manja pamutu pomwe Bambo Kansengwa akusewera kawiri motsatizana. Ukapsa kawiri katatu chotere, pakamwa pamaphunzira kutseka. Onjezerani apo ulemu wa kwathu kuno, woti munthu wa imvi sumuuza pagulu kuti wanama. Ndiye pakati pa fodya wabwinoyo, malo omwe dzanja la munthu silinkafika, panali ZOLET.

Liwuli linabadwa tsiku lina ku kantini kuja, Z atawakanirira m'manja masewera akutha. Anangoliika, n'kunena mosaphethira kuti ZOLET ndi chitsulo chokokera mabelo, ndipo azungu a kampani ankachitchula tsiku ndi tsiku. Makalaliki anaopa. Atafika kunyumba analifufuza m'dikishonale, ndipo munalibemo. Munthu wina akanachita manyazi. Bambo Kansengwa anangoona kuti olemba bukulo sanagwirepo ntchito ku Kanengo. Kuyambira pamenepo Z akawafikira ankamusunga ngati mbewu, kudikira O, L, E ndi T, zilembo zomwe sizisowa m'kathumba. Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ili linagonera zaka zambiri, mpaka ana a ku Nsungwi anayamba kutchula ngowe iliyonse kuti zoleti. Likakhala pabolodi, osewera ankalilambalala ngati dzenje la pamsewu. Palibe ankalitsutsa, palibenso ankalumikizako kanthu.

Munthu mmodzi yekha ndiye analikhudzapo, ndipo anali mwana wawo Lydia. Bambo Kansengwa anali ndi ana atatu, anyamata awiri omwe ankaona bolodi ngati chilango, ndi Lydia, chitsirizira, yemwe anayamba kusanja zilembo asanathe kumanga nsapato. Ndi yekhayo ankawatulutsa thukuta, ndipo ankamukonda kwambiri chifukwa cha chimenecho, ngakhale kunena sankanena. Ali Fomu 2, masana ena, bambo ake ataika ZOLET, mtsikanayo anati, "Chalenji, Adadi," dzanja lili kale pa dikishonale.

Bambo Kansengwa analanda bukulo n'kulikhalira. "M'nyumba muno mwana sachita chalenji bambo ake. Ndiwe unali ku Kanengo?"

Lydia sanalire. Anabweza zilembo zake m'kathumba, ndipo sanasewerenso nawo. Ankangowalembera mapointi akamupempha, n'kumatsegula dikishonale alendo akachita chalenji, nkhope ili ngati ya namwino wa pawindo la mankhwala. Bambo ake zinawapweteka, pakuti masewera onse otsatira anali osakoma, koma kupepesa sanaphunzire ku Kanengo. Ankangouza anthu kuti atsikana akakula amasiya kukonda zamaphunziro, pomwe mwanayo anali kukhoza mayeso onse mpaka anapeza ntchito pa famase ina ku Mchesi.

Kenako kunayamba kubwera anyamata. Pa mwambo wathu nkhani ya ukwati ndi ya malume, bambo amangomva. Koma malume a Lydia, a ku Mponela, ankawaopa alamu awo kuposa njoka, moti aliyense wofika kwa iwo ankamuuza kuti ayambe wathana ndi a ku Nsungwi. A ku Nsungwi nawo anakhazikitsa mwambo wawo womwe sunamvekepo ku Dowa konse: wofuna Lydia awagonjetse pabolodi. Ankati munthu wosatha kuwerenga mapointi sangasamale banja. Chenicheni n'choti ankaopa nyumba yopanda Lydia, ndipo ankaganiza kuti akamusunga pafupi tsiku lina adzakhalanso pansi n'kutola zilembo.

Woyamba anali Ian, mnyamata wa suti wogwira ntchito ku banki. Bambo Kansengwa anaika Q pa kabuluu kakuda, n'kupanga QI chopingasa ndi QI chotsika, mapointi 31 uku, 31 uku, onse 62. Ian anachita chalenji mokweza, anapsa, anachitanso pa XU, anapsanso, ndipo anatulutsidwa pageti ndi mbiri yoti ndi wamwano. Wachiwiri anamva za Ian, choncho sanatsegule pakamwa mpaka kumapeto, n'kuluza mwaulemu. Ameneyu anabwezedwa ati ndi wamantha. Kukana kunali kulakwa, kuvomera kunali kulakwa, ndipo Lydia anakwanitsa zaka makumi atatu akulemba mapointi.

Wachitatu anali Owen, mphunzitsi wa masamu wa ku Biwi, wowonda, wolankhula motsitsa ngati akupepesa chifukwa chobadwa. Masewera asanachitike, Lydia anawapeza bambo ake akupukuta zilembo ndi kansalu.

"Adadi, uyu ndi womaliza," anatero. "Mukamubweza, ine ndipita nayebe. Sipakhala chinkhoswe, sipakhala ukwati wa kutchalitchi kwanu, ndipo pakhomo pano musandiyembekezere. Sindikukuopsezani ayi, ndikungokuuzani."

"Ndiye awine," anayankha osatukula mutu. "Ine ndimaletsa munthu kuwina?"

Mayi Dailesi anawachonderera m'chipinda kuti, "Bambo a Lydia, muluzeko kamodzi, simufa." Iwo anati kuluza dala ndi chinyengo, ndipo iwo sanachitepo chinyengo chibadwire. Ananena zimenezi ndi mtima wonse. Mantha anali nawo ndithu, chifukwa ankamudziwa mwana wawo kuti akabweza zilembo m'kathumba sazitolanso, koma anadziuza kuti atsikana amangolankhula.

Lamlungu masana tebulo linaikidwa pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Bambo Kansengwa anaitana Che Abdullah ndi anthu ena a pakhonde paja kuti adzaone, pakuti kupha munthu popanda mboni sikukoma. Mayi Dailesi anakhala pampando chapatali akutola mpunga m'lichero, ngati nkhaniyo sikuwakhudza. Lydia anakhala pambali pa tebulo ndi cholembera, dikishonale ili pamiyendo. Owen anafika atapisira malaya, anagwada popereka moni, n'kukhala m'mphepete mwa mpando.

"Aphunzitsi, malamulo a pano mwawamva?" anafunsa Bambo Kansengwa. "Kuno kulibe za mapointi asanu. Ukalakwitsa chalenji, ulendo wako wapita."

"Ndamva, Abambo."

Masewera anayamba monga mwa masiku onse. Bambo Kansengwa anatchera msampha wawo wa JO, Owen anangoti, "Zikomo, Abambo." Anatchera XU, Owen anathokozanso. Wamantha wina uyu, anaganiza motero, n'kutsinzinira Che Abdullah. Kenako mnyamatayo anaika KWACHA modutsa pa kapinki, n'kuwerenga motsitsa kuti 18 kuchulukitsa kawiri, 36.

"Chalenji," anatero Bambo Kansengwa mwachimwemwe. "Aphunzitsi, kuno timasewera Chingerezi. Mawa mudzatiikira chigumu."

Lydia anatsegula buku, chala chinatsika tsamba. "Lilipo."

"Ndione."

Umenewu unali mwambo wawo. Chalenji chikawatembenukira sankakhulupirira diso la munthu wina aliyense. Anatulutsa magalasi m'thumba la malaya, anawavala, analandira bukulo, ndipo KWACHA inali pomwepo, yakuda bii. Anabweza buku akung'ung'udza kuti azungu atilanda ngakhale ndalama, ndipo Owen anasewera kawiri. Magalasi aja sanawavulenso.

Komabe nkhalamba inali nkhalamba. Ankadziwa kutseka njira za ku timabokosi tofiira, ankadziwa kusunga zilembo zabwino, ndipo pofika chakumapeto anali patsogolo ndi mapointi 34. M'kathumba munatsala zilembo ziwiri zokha. Pakathabwa kawo kosanjapo zilembo panali Z, O, E ndi T, ndipo pabolodi, chakumanja, panali L atakhala pabwino ngati wachita kuitanidwa. Mtima wawo unavina. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi siuzidwa.

Anaika zilembozo chimodzichimodzi, mokhomerera. Z anagwera pa kabuluu kakuda, T pa kabuluu kakuda kena. "Z ndi 30. O, L ndi E, atatu. T katatu, atatu. Onse 36. ZOLET, aphunzitsi. Chitsulo chokokera mabelo. Ku koleji sanakuphunzitseni."

Anthu a pakhonde anagwedeza mitu monga ankachitira zaka zonse. Cholembera cha Lydia chinaima m'mwamba. Iyi inali nthawi ya Owen yoti alankhule, ndipo Bambo Kansengwa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, dzanja lili pakamwa pa kathumba. Mnyamata wofuna mkazi pakhomo pa eni, pamaso pa apongozi aakazi ndi akuluakulu a m'dera, anene kuti mwini nyumba wanama? Ngakhale buku likanamuvomereza, Nsungwi yonse ikanamuweruza.

"Ndalandira, Abambo," anatero Owen.

Lydia analemba. Bambo Kansengwa anatola zilembo ziwiri zotsalazo, kathumba n'kukhala kopanda kanthu. Tsopano anali patsogolo ndi 70. Anatsamira mpando n'kuyamba kukonza m'mutu mawu omutsanzikira mnyamatayo pageti. Anaona ndithu kuti T wa ZOLET wathera kabokosi kamodzi kusanafike kumzere wa m'mphepete, mzere womwe uli ndi timabokosi tofiira. Liwu lina lililonse sakanalisiya pamenepo. Koma ili linali ZOLET, ndipo ZOLET salikhudza munthu.

Owen anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu, manja atagwira pamodzi. "Pepani Abambo, ndingofuna kuphunzira. Chitsulo chimenechi ku Kanengo chinalipo chimodzi chokha?"

"Chimodzi bwanji? Kampani yonse ija? Zinalipo zambirimbiri, aliyense ndi chake."

"Zikomo kwambiri, Abambo."

Anatenga S yemwe anamusunga kuyambira pakati pa masewera, n'kumuika kumapeto kwa ZOLET. Kenako pamwamba pa S uja, motsata mzere wa m'mphepete, anasanja zilembo zake zonse zotsala mpaka liwu lotsika linawerengeka kuti TAILORS. Kathabwa kake kanatsala mbee.

"T ali pa kabuluu kowala, ndiye awiri," anawerenga ndi mawu ake opepesa aja. "Zilembo zinazo zisanu ndi chimodzi, pointi imodzi chilichonse. Onse asanu ndi atatu. O ali pa kofiira, ndiye katatu, 24. ZOLETS ndi 15 basi, poti timabokosi tabuluu munadya kale Abambo. Ndi 39. Bonasi 50. Onse 89. Zilembo zanga zatha."

Masamuwo Bambo Kansengwa anawamaliza mnyamatayo asanamalize. 89 inameza 70 yawo n'kutsala 19. Kathumba kanali kopanda kanthu ndipo Owen anali atamaliza zilembo, kutanthauza kuti masewera atha. Zilembo zisanu zomwe zinawatsalira, V ndi tinzake tinayi ta pointi imodzi, zinali mapointi asanu ndi atatu oti achotsedwe kwa iwo n'kuwonjezedwa kwa mnyamatayo. Pakamwa pomwe panabweza mabelo zaka zonse zija sipanadikire mutu.

"Chalenji."

Mpunga unasiya kulira m'lichero. Che Abdullah anakanda ndevu. "Liwu liti, achimwene? Ngati ndi TAILORS, ine telala ndakhala pano, mukundiona."

Apa m'pamene mutu unafika. Chalenji chimagwira mawu onse omwe munthu wapanga pa ulendo umenewo. Limodzi likakhala labodza, zilembo zonse zimachoka. TAILORS analibe mlandu. Wotsala anali ZOLETS, mwana wobadwa m'nyumba mwawo momwe. Likapanda kupezeka, Owen achotsa zilembo zake, ataya ulendo, iwo atseka mzerewo n'kuwina. Koma kuti lisapezeke, chala cha munthu chiyenera kudutsa pamalo pomwe ZOLET anayenera kukhala, pamaso pa anthu omwe anawadyera mapointi zaka zonsezi. Ndipo akawina motero, Lydia apita osabweranso. Anayang'ana anzawo a pakhonde kuti mwina wina awathandiza, koma onse anali kuyang'ana mapeyala m'mwamba. Nkhope zimenezo sizinali za anthu odikira kumva chinthu chatsopano. Bambo Kansengwa anazindikira, mochedwa ndithu, kuti anthuwa anadziwa kalekale, ndipo ankangowasunga ngati mmene timasungira mbale yong'aluka ya agogo. Manyazi anawagwira.

Lydia anatsegula dikishonale chakumapeto, kumene kumakhala Z. Sanafulumire. Paja mlandu suwola, ndipo uwu unali utadikira kuyambira Fomu 2. Chala chinatsika tsamba pang'onopang'ono, chinaima, chinakhala pamenepo. Bambo ake ankadziwa bwino pomwe chaima, chifukwa chawo chinaimapo pomwepo kalelo. Mtsikanayo anatukula maso n'kuwayang'ana.

"Lilipo," anatero.

Linali bodza loyera, lonenedwa mosaphethira, ndipo aliyense akanaona kumene mwanayo anatengera luso. Ena amati ananama pofuna mwamuna, ena amati pofuna kuphimba bambo ake. Anthu a ku Nsungwi amakonda kusankha chimodzi, ngati munthu sangaphe mbewa ziwiri pa una umodzi.

"Ndi..." anayamba Bambo Kansengwa, dzanja litatambasuka kale mwa chizolowezi. Lydia sanabise bukulo. Analitembenuza n'kulikankhira kwa iwo, lili chitsegukire, chala chili pamalo paja. Chinangotsala n'kuweramira tsambalo, kunena zomwe aona, n'kuwina. Dzanja lomwe linkapita pakati pa belo osalakwitsa linaima pamwamba pa tebulo. Anaona nkhope ya mwana wawo, ndipo sinali ya pawindo la mankhwala ija. Inali ya kamtsikana ka Fomu 2, kodikira kuona chomwe bambo ake achite ndi buku ulendo uno.

Anabweza dzanjalo n'kuliika pabondo.

"Tsekani," anatero. "Magalasi ndasiya m'nyumba."

Magalasiwo anali pamphuno pawo, dzuwa likuwalira m'menemo. Che Abdullah anawayang'ana, Mayi Dailesi anawayang'ana, Owen anayang'ana nsapato zake. Palibe anachita chalenji.

Lydia anachotsa asanu ndi atatu uku, n'kuwonjezera uku, n'kulengeza kuti Owen wawina ndi mapointi 35. Mayi Dailesi anayamba kanthungululu, koma anakameza pakati ataona nkhope ya amuna awo. Bambo Kansengwa anakonza kukhosi n'kuuza Owen kuti malume a mtsikanayu ali ku Mponela, ndipo apite atavala jekete, asakawachititse manyazi. Anawonjezera kuti TAILORS ndi liwu la ana a pulayimale, ndipo mnyamatayo anangochita mwayi ndi S. Owen anavomera kuti ndi mwayi, anagwada, n'kuthokoza.

Mpaka lero pakhonde pa Che Abdullah nkhaniyi amaifotokoza mwa njira yawo. Amati dikishonale inatsimikiza ZOLET pamaso pa mboni, ndipo mnyamatayo anawina chifukwa chodalira liwu la apongozi ake. Omvera amagwedeza mitu, poti kugwedeza mutu n'kwaulere. Chodabwitsa n'choti liwu lotsimikizidwalo Bambo Kansengwa sanaliikenso pabolodi. Z akawafikira masiku ano amangopanga ZA basi.

Koma masana aja, alendo atabalalika ndipo Mayi Dailesi ataperekeza Owen kugeti, Bambo Kansengwa anatsala pansi pa mtengo akuyang'ana bolodi. Lydia anakokolola zilembo zonse, ZOLETS pamodzi ndi anzake, n'kuzithira m'kathumba. Iwo ankayembekeza kuti apinda bolodi n'kukaliika pakabati monga mwa nthawi zonse. M'malo mwake anakhala pampando womwe panali Owen, anaika dikishonale kumbali yake, chigongono chili pamwamba pake, anakhutchumula kathumba n'kuwalozetsa.

"Tolani, Adadi," anatero. "Koma buku likhala kuno."

Bambo Kansengwa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, ati munalowa fumbi. Anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene fumbi la ku Nsungwi limafunira. Kenako anapisa dzanja m'kathumba.